Kukonza phunziro pamene sitandade 3 ndi 4 zili m'chipinda chimodzi

Tikakumana ku TDC, funso ili silisowa, makamaka kwa aphunzitsi a sukulu zakutali monga cha ku Makanjira, Katuli ndi Chilipa: "Ahedi andipatsa makalasi awiri, kodi ndizilemba mapulani awiri kapena imodzi?" Ena amafunsa mnzawo atapita kutchuthi chokabereka, ena chifukwa sukulu yonse ili ndi aphunzitsi atatu okha. Ndayankha pakamwa kokwanira, tsopano ndalemba kuti aliyense awerenge pa nthawi yake.

Yankho lachidule ndi lakuti pulani ndi imodzi. Koma pulani imeneyi iyenera kuyankha mafunso awiri amene pulani wamba sayankha. Loyamba, pa mphindi iliyonse inuyo muli ndi gulu liti? Lachiwiri, gulu limene mwalisiya likuchita chiyani? Chitsanzo changa ndi masamu a sitandade 3 ndi 4, pa piriyodi ya mphindi 35.

1. Sankhani bwino makalasi owaphatikiza

Ngati ahedi akupatsani mpata wonenapo maganizo, pemphani makalasi oyandikana: 3 ndi 4, 5 ndi 6, kapena 6 ndi 7. Mitu yawo imafanana kwambiri, ndipo msinkhu wa ana sutalikirana.

Pali zophatikiza zitatu zoyenera kuzipewa. Sitandade 1 musaiphatikize ndi ina ngati pali njira ina iliyonse, chifukwa mwana amene sanadziwe kugwira pensulo simungamusiye yekha ndi ntchito, ndipo kuno ambiri amafika akuyankhula Chiyao chokha, Chichewa akuchimva patalipatali. Sitandade 4 ndi 5 zimavuta chifukwa mabuku a sitandade 4 ambiri ndi a Chichewa pomwe kuyambira sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, choncho mungamayankhule zilankhulo ziwiri pa bolodi limodzi. Sitandade 8 nayo isiyeni payokha, ili ndi mayeso a MANEB kutsogolo kwake.

2. Ikani masilabasi awiri pamodzi musanalembe sikimu

Tengani silabasi ndi buku la mphunzitsi la kalasi iliyonse, mabuku ochokera ku MIE ku Domasi aja, muwatsegule onse patebulo limodzi. Lembani mitu ya teremu yonse m'mizati iwiri, wina wa sitandade 3, wina wa sitandade 4. Kenaka gawani mituyo m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zimene ana onse angaphunzire limodzi popanda kusiyanitsa: nyimbo, magule, masewera olimbitsa thupi, ukhondo, kupewa malungo ndi likodzo. Pa izi kalasi ndi imodzi basi, ndipo ndi pamene mumapumirako.

Gulu lachiwiri ndi la mitu imene dzina ndi limodzi koma kuya kwake n'kosiyana. Masamu ali ndi yambiri yotere: kuwonkhetsa, kuchotsera, ndalama, kuyeza utali, nthawi. Sitandade 3 imawonkhetsa nambala za mahandiredi, sitandade 4 za masauzande, koma njira yake ndi yomweyo. Mitu imeneyi muiike sabata imodzi m'sikimu yanu ngakhale m'mabuku ili pa masabata osiyana. Ngati ndalama zili sabata yachisanu ku sitandade 3 ndi yachisanu ndi chiwiri ku sitandade 4, sunthani imodzi kuti zikumane. Posuntha onetsetsani kuti simukuika mutu patsogolo pa unzake umene umautsegulira njira. Kuchulukitsa sikungabwere ana asanadziwe kuwonkhetsa mobwereza.

Gulu lachitatu ndi la zimene zilibe mnzake ku kalasi inayo. Izi muziphunzitsa padera, uku gulu lina lili pa ntchito yake.

Chenjezo pa Chichewa ndi Chingerezi. Maphunziro a kuwerenga a pulogalamu ya NRP, imene inayamba mu 2016, anasanjidwa kuti phunziro lililonse liime pa la dzulo lake. Amenewa musawasunthe pofuna kuti makalasi afanane. Mwana akalumpha maphatikizo amene amayenera kuwaona sabata ino, nkhani ya sabata yamawa sadzaiwerenga.

Sikimu lembani imodzi, ya mizati iwiri, ndipo muwaonetse ahedi ndi a PEA teremu isanapite patali, kuti akadzabwera kudzaona kalasi asadzadabwe poona mutu wa sabata yachisanu ndi chiwiri ukuphunzitsidwa sabata yachisanu.

3. Chatsopano chikhale cha gulu limodzi pa piriyodi

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mphunzitsi amalemba kuti lero sitandade 3 iyamba kusungira powonkhetsa, sitandade 4 iyamba kugawa kwa njira yaitali, zonse pa mphindi 35 zomwezo. Akangoyamba kufotokozera awa, awo aimika manja. Akathamangira kumeneko, oyamba aja asokonezeka. Belu likulira palibe gulu limene lamva. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Lamulo lake ndi ili: pa piriyodi imodzi, gulu limodzi lokha ndi limene likulandira chinthu chatsopano. Linalo likulimbitsa chimene linaphunzira dzulo. Mawa musinthanitse. Lolemba chatsopano ndi cha sitandade 3, Lachiwiri cha sitandade 4, Lachitatu cha sitandade 3, Lachinayi cha sitandade 4, ndipo Lachisanu n'lobwereza ndi kuyesa onse. Lachisanu ndalisiya dala lopanda chatsopano chifukwa m'sukulu zathu zambiri ana amachepa ikamayandikira nthawi ya mapemphero a kumzikiti, ndipo si bwino kuyambitsa mutu pamene theka la kalasi maso ali pakhomo.

Wina afunsa kuti, nanga silabasi itha bwanji ngati gulu lililonse likulandira chatsopano kawiri kokha pa sabata? Tsegulani buku la mphunzitsi muwerenge maphunziro a mutu umodzi. Mupeza kuti si onse amene amabweretsa chatsopano, ambiri ndi oyeserera ndi kubwereza. Ntchito yanu ndi kuika chizindikiro pa amene akufunadi pakamwa panu, ndi kuonetsetsa kuti amenewo sakugundana.

Ngati ndandanda wa maphunziro ukulola, phatikizani mapiriyodi awiri a masamu kapena a chilankhulo kuti mukhale ndi mphindi 70. Mukatero gulu lililonse limalandira chatsopano tsiku lomwelo, ndipo nthawi yotayika posinthasintha imachepa. Maphunziro olemerawa aikeni m'mawa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno mukukudziwa, ikamakwana 11 koloko pansi pa malata mwana wosiyidwa yekha amangogona pa kope.

4. Konzani ntchito ya gulu limene mwalisiya

Apa ndikhalitsapo, chifukwa malangizo ambiri amangonena kuti "patsani gulu linalo ntchito" n'kupitirira, ngati kuti ntchitoyo imadzikonza yokha. Phunziro la makalasi awiri limakoma kapena kuwonongeka pa ntchito imeneyi. Ndiye muyambe ndi iyo pokonza pulani, gawo lanu lophunzitsa libwere pambuyo, popeza limenelo mumalidziwa kale.

Ntchito yosiyira ana iyenera kukhala ya chinthu chimene anachiphunzira kale ndi inu, ndipo ambiri anachimva. Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati pa ntchito ya dzulo ana osachepera 7 mwa 10 alionse anakhoza, mukhoza kuwasiya nayo. Ngati anakhoza ochepa, kuwasiya okha ndi kuwapatsa mphindi 15 zolimbitsa cholakwika, ndipo cholakwika chimene mwana wachilemba kasanu ndi katatu chimavuta kuchichotsa.

Ntchitoyo ikhale italembedwa kale phunziro lisanayambe, pa bolodi, pa tchati kapena pa makadi. Mukamalemba masamu 8 ana akukuyang'anani kumsana, mphindi zinayi zapita, ndipo magulu onse awiri ali opanda chochita. Lembani m'mawa ana akusesa, kapena pa nthawi yopuma. Ngati bolodi ndi limodzi, lidulani pakati ndi mzere wa choko, mbali iliyonse ikhale ya kalasi yake mpaka teremu itatha. Makatoni a sopo kapena a mafuta ophikira, mukawadula bwino, amapanga makadi okhalitsa, ndipo khadi limene mwalemba chaka chino lidzagwiranso ntchito chaka chamawa. Ndiyo TALULAR imene tinaphunzira ku koleji, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo.

Tsopano kutalika kwake. Osangoganizira. Tsiku lina patsani ana samu imodzi ya mtundu umenewo, muyang'ane wotchi, muone nthawi imene mwana wapakatikati watenga kuyambira kukopera mpaka kupeza yankho. Tinene kuti watenga mphindi ziwiri. Ngati mukufuna kuwasiya mphindi 14, masamu 7 ndi amene akukwanira mwana wapakatikati. Koma wachangu atha pa mphindi 8, ndipo phokoso la m'kalasi limayambira kwa iyeyo, osati kwa wochedwa. Choncho ntchito ikhale ya magawo atatu: masamu 4 oyamba amene aliyense ayenera kumaliza, ena 4 olemererapo, ndi chochita cha amene watha zonse. Chomalizachi chisakhale masamu enanso ofanana ndi omwewo, chifukwa mwana amaona ngati mukumulanga kaamba kochita changu. Muuzeni apeke yekha samu ya mawu yokhudza kugulitsa usipa kapena mango, ampatse mnzake aipeze.

Monga ndaonera, sitandade 3 imatha kukhala yokha mphindi pafupifupi 10, sitandade 4 mpaka 15. Kupyola apo, ngakhale ntchito ikhale yabwino, mitu imayamba kutembenuka.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi ichi: mwana adziwa bwanji kuti wakhoza popanda kubwera kwa inu? Ngati njira yokha ndi kukuonetsani kope, mzere wa ana udzaima pambali panu uku mukuphunzitsa gulu lina. Njira imene ndimaikonda ndi kulemba mayankho onse m'munsi mwa bolodi mosakaniza, ndi kuwonjezerapo limodzi labodza. Masamu 8, mayankho 9. Mwana akapeza yankho, amalifufuza pa mndandandawo. Likapezeka, apitirire. Likasowa, akudziwa yekha kuti penapake palakwika, abwerere. Yankho labodza lija limathandiza kuti samu yomaliza asangoilemba poona chimene chatsala. Ndipo popeza mayankho ali poyera, auzeni kuti mumachonga njira, osati yankho lokha.

Pomaliza, mwana akakanika achite chiyani? Muwaphunzitse ndondomeko imodzi, ndipo isasinthe: ayang'ane chitsanzo chimene chili pamwamba pa bolodi, akakanikabe afunse woyandikana naye, kenaka mtsogoleri wa gulu, ndipo onse akalephera aike kamtanda pambali pa samuyo n'kupita pa yotsatira. Timitanda timeneti ndi timene mudzayambire mukabwerera kwa iwo. Sabata yoyamba ya teremu ithereni pozoloweretsa ana ndondomeko imeneyi ndi ntchito zopepuka. Ioneka ngati sabata yotayika, koma masabata otsatirawo mudzaphunzitsa popanda wokukokani malaya.

Kukopera manotsi si ntchito yosiyira ana. Kalasi imakhaladi chete, koma mwana wa sitandade 3 amatha kukopera bolodi lonse mwaukhondo osawerenga liwu ndi limodzi lomwe. Chimodzimodzi kuuza gulu kuti "werengani tsamba 40" popanda funso loti ayankhe. Kuwerenga kukhale ndi chotuluka chimene mungachione ndi maso: mayankho atatu, mawu asanu okhala ndi phatikizo lakutilakuti, chiganizo chimodzi chonena zimene zinachitika.

Pa maphunziro a NRP, buku la mphunzitsi linagawa kale ntchito patatu: mphunzitsi yekha, mphunzitsi ndi ophunzira, kenaka ophunzira paokha. Gawo lachitatulo ndi khomo lanu lotulukira kupita ku gulu lina. Musatuluke pa gawo lachiwiri.

5. Lembani pulani ya mizati itatu

Pamwamba lembani zanthawi zonse: tsiku, phunziro, mutu, zipangizo. Zizindikiro za kakhonzedwe, kutanthauza zimene mwana ayenera kuonetsa kuti watha kuchita pofika kumapeto, zikhale ziwiri, cha kalasi iliyonse chakechake. M'munsi jambulani mizati itatu: nthawi, sitandade 3, sitandade 4. Pa mzere uliwonse ikani nyenyezi mbali imene inu muli. Mukaona nyenyezi ziwiri pa mzere umodzi pomwe magulu akuchita zosiyana, pulaniyo ndi yosatheka, ikonzeninso.

Tiyerekeze kuti muli ndi ana 46 a sitandade 3 ndi 32 a sitandade 4, ndipo ndi Lolemba. Sitandade 3 ikuyamba kuwonkhetsa nambala za mahandiredi mosungira. Sitandade 4 inaphunzira kale kuwonkhetsa za masauzande sabata yatha, lero ikulimbitsa. Zipangizo ndi mitolo ya timitengo khumikhumi yomanga ndi mlaza, timitengo tapatokha, ndi makadi a mahandiredi.

Mphindi 0 mpaka 5, onse pamodzi. Funsani masamu apakamwa opyola khumi: 7 + 5, 8 + 6, 9 + 4. Pa yankho lililonse funsani kuti muli mateni angati ndi mawani angati. 12 ndi teni imodzi ndi mawani awiri. Chiyambi chimodzi chomwechi chikukonzekeretsa sitandade 3 ku chatsopano, chikukumbutsanso sitandade 4. Ili ndilo phindu losanja mitu yofanana sabata imodzi.

Mphindi 5 mpaka 7, muli ndi sitandade 4. Sitandade 3 ikutulutsa timitengo ndi kujambula mizati ya mahandiredi, mateni ndi mawani m'makope. Inu lozani chitsanzo chimene munalemba kale, 2,468 + 1,357 = 3,825, chokhala ndi timawani tosungira tooneka bwino pamwamba. Nenani malangizo kamodzi, kenaka mwana mmodzi awabwereze m'mawu ake. Kufunsa kuti "mwamva?" n'kosathandiza, onse amayankha kuti eya. Musachoke mpaka mutaona mapensulo akuyenda pa samu yoyamba.

Mphindi 7 mpaka 19, muli ndi sitandade 3. Lembani 247 + 135. Ana aike timitengo 7 ndi 5 pa mzati wa mawani, awerenge apeze 12. Afunseni ngati 12 ingakhale pa mzati wa mawani. Amange khumi ndi mlaza, mtolowo ausamutsire ku mateni, patsale 2. Pa mateni tsopano pali 4, 3 ndi mtolo watsopano uja, zonse 8. Mahandiredi 2 ndi 1 ndi 3. Yankho 382. Chitani ina limodzi nawo, 156 + 228, mwana mmodzi ali pa bolodi, ena pa timitengo, mupeze 384. Yachitatu, 319 + 265, achite awiriawiri inu mukuzungulira. Imani pamalo pamene diso lanu likufikanso ku sitandade 4, koma pakamwa panu pakhale pa sitandade 3 pokha.

Mphindi 19 mpaka 21, siyirani sitandade 3 ntchito yake: masamu 4 osungira pa mawani pokha, monga 438 + 127, mayankho 5 osakaniza ali m'munsi. Apa wina anganene kuti ndaphwanya lamulo langa lomwe, popeza ndikuwasiya ndi chinthu cha lero lomwe. N'chifukwa chake samu ya awiriawiri ija ndi yofunika. Ngati pozungulira mwaona kuti ambiri apeza 584, asiyeni ndi masamu 4 aja. Ngati ambiri alakwa, apatseni khadi la masamu osasungira amene amawadziwa, kusungira mudzakubwereze Lachitatu. Khadi limeneli likhale m'thumba mwanu phunziro lisanayambe.

Mphindi 21 mpaka 30, muli ndi sitandade 4. Musayambe kuchonga makope 32, nthawi sikwana. Funsani kuti ndani ali ndi kamtanda ndipo pa samu iti. Ngati timitanda tachuluka pa 3,176 + 2,549, ipangeni pa bolodi limodzi nawo mpaka 5,725, chifukwa ili ndi kusungira kawiri motsatizana ndipo ndi pamene ambiri amagwa. Kenaka samu ya mawu: mayi wina wagulitsa usipa wa K3,750 m'mawa ndi wa K4,480 madzulo, wapeza zingati? Asiyeni akambirane kuti achita chiyani ndi nambalazo asanalembe, mpaka afike pa K8,230.

Mphindi 30 mpaka 35, onse pamodzi. Mwana wa sitandade 3 apange samu imodzi pa bolodi, wa sitandade 4 anene ngati wakhoza ndi chifukwa chake. Tolerani makope ochepa oti mukaone bwino.

Mukawerenga nyenyezi zija muona kuti sitandade 3 yakhala nanu payokha mphindi 14, sitandade 4 mphindi 11. Lachiwiri zitembenuke. Kumapeto kwa sabata wonkhetsani mphindizo. Kawirikawiri mtima umakokera ku ana aang'ono chifukwa ndi amene amalira msanga, ndipo teremu ikamatha mumapeza kuti akuluwo akhala akudziphunzitsa okha.

6. Kakhalidwe ka m'chipinda ndi atsogoleri a magulu

Magulu awiri asayang'ane mbali imodzi. Ngati chipinda chili ndi bolodi kutsogolo kokha, pakani khoma lakumbuyo kapena lam'mbali utoto wa bolodi, kapena pachikani tchati, kuti sitandade 4 ipereke msana kapena phewa kwa sitandade 3. Pakati siyani kanjira koti mudutse osalumpha miyendo ya ana. Kutulutsa gulu limodzi kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumachepetsa phokoso, koma chitani zimenezi pokhapokha ngati mukuwaona muli pakhomo, ndiponso osati nyengo ya mvula kapena mwera ukamaomba mapepala.

Gawani kalasi iliyonse m'timagulu ta ana 6 kapena 8, kalikonse ndi mtsogoleri wake. Ntchito ya mtsogoleri ndi kugawa makadi ndi mabuku, kubwereza malangizo, ndi kuthandiza wokanika poloza chitsanzo. Si mphunzitsi, ndipo asagwire ndodo kapena kulemba maina a olongolola, chifukwa akatero anzake amamuda ndipo safunsanso kanthu kwa iye. Sankhani mwana woleza mtima amene amamva bwino Chichewa ndi Chiyao chomwe. Inu mwina munachokera ku Dedza kapena ku Mzimba ndipo Chiyao mumangodziwa moni, koma mwana ameneyu akanong'oneza mnzake malangizo m'chilankhulo cha kwawo, ntchito imayamba msanga. Atsogoleri azisinthana pakapita masabata awiri kapena atatu, anyamata ndi atsikana omwe, kuti wanzeru asathere teremu yonse akuthandiza ena iye osapita patsogolo.

7. Mudziwa bwanji kuti zikuyenda

Bata si umboni. Umboni uli m'makope a gulu limene munalisiya. Tsiku lililonse tengani makope 6 pa kalasi, awiri a achangu, awiri a apakati, awiri a ovutika, ndipo mawa mutenge a ena.

Pa 247 + 135, mwana amene walemba 3712 sanamve kuti khumi limasamuka, walemba 12 yense pa mawani. Ameneyu abwerere ku timitengo. Amene walemba 372 wamva kuti 2 ndiye atsale, koma waiwala kuwonkhetsa teni imene anasunga, ndipo mankhwala ake ndi kumuzoloweretsa kulemba kawani kaja pamwamba pa mateni asanapitirire. Zolakwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo mukangothetha zonse ndi cholembera chofiira osaziyang'ana, simudziwa choti mubwereze.

Makopewo amanenanso za pulani yanu. Ngati apakati afika pa samu yachiwiri yokha, ntchito inali yolemera kapena malangizo sanamveke. Ngati onse amaliza ndipo phokoso linayamba msanga, inali yochepa. Ngati kagulu konse kalakwitsa mofanana, nambala yomweyo, akoperana kapena mtsogoleri wawo ndi amene wasokera. Ngati mayankho ndi olondola koma palibe timawani tosungira, angotola pa mndandanda uja. Zimenezi lembani pa ndamanga za phunziro, mzere umodzi wa kalasi iliyonse, ndipo pulani ya mawa iyambire pamenepo.

Otsala ndi ojomba. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, anyamata ena amagona kunyanja masiku a mdima pamene usipa ukugwidwa ndi nyali, ndipo kumayambiriro kwa teremu yoyamba ena amachedwa kubwera chifukwa cha jando ndi nsondo. Mwana wotere akafika Lachinayi, ntchito yosiyira gulu lake ndi ya chinthu chimene iye sanachione. Musamuike pamenepo kuti azingoyang'ana. Apa chipinda cha makalasi awiri chili ndi mwayi umene kalasi wamba ilibe: wa sitandade 4 amene anaphonya kusungira akhoza kukhala m'mphepete mwa gulu la sitandade 3 pa mphindi 12 zija, n'kubwerera kwa anzake mukamapita kumeneko. Muuzeni mwakachetechete kuti mukufuna akuthandizeni kugwira mitolo ya timitengo, kuti asaone ngati mwamubweza kalasi. M'kaundula ndi m'buku la zotsatira akhalebe wa sitandade 4, ndipo mayeso a kumapeto kwa teremu alembe a kalasi yake.